Mwamuna Amene Ndinamufufuta pa Chithunzi cha Amayi

1

Ndine wosoka zovala, ndipo theka la ntchito yanga ndi kubisa. Munthu akabwera ndi siketi yong'ambika, ndimamuikira chigamba choti ngakhale apongozi ake sangachione. Mwina n'chifukwa chake ndinkaganiza kuti kuchotsa munthu pa chithunzi ndi nkhani yaing'ono.

Chithunzi chimene ndikunenachi chinajambulidwa tsiku lomaliza limene amayi anga anaimirira. Anali atadwala matenda opha ziwalo, mbali yonse ya kumanzere itafooka, koma anakanitsitsa kujambulidwa ali pampando.

"Zidzukulu zidzati ndinabadwa chokhala," anatero. "Ndidzutseni."

Tinawaveka diresi ya buluu imene ndinawasokera ndekha, tinawadzutsa, ndipo wojambula wina woyendayenda anatijambula pabalaza, kutsogolo kwa kabati yawo ya mbale. Tilipo asanu. Ine ndili kudzanja lamanja la amayi. Kumanzere kwawo kuli mwamuna wanga wa nthawi imeneyo, kenako mng'ono wanga, ndipo kumapeto kuli mwana wanga wamkazi, mano akutsogolo atangochoka kumene. Tonse tikuyang'ana kamera kupatula mwanayo. Iye wapotoza khosi, akuyang'ana kumbuyo. Kuchokera tsiku limenelo dzina lake pakhomo linangokhala Kadzidzi.

Amayi anamwalira pasanapite nthawi. Patapita chaka, mwamunayo anapita ndi mkazi wina. Zithunzi zake zonse ndinaziwotcha m'beseni kuseri kwa shopu, osalira, ngati ndikutentha zidutswa za nsalu. Koma ichi chinandikanika. Wojambula uja anali atasowa kalekale, ndipo china chofanana nacho kunalibe. Ndinachiika chozondoka, ndi fulemu yake yomwe, m'dirowa ya makina osokera, pansi pa ulusi, ndipo chinakhala momwemo mpaka Kadzidzi anatalika kundiposa.

Tsiku lina kasitomala anandionetsa chithunzi cha ukwati wake. Panali mlamu wake wina amene anayambana naye, koma tsopano pamalo pake panali maluwa.

"Amachotsa munthu ngati banga la tiyi," anatero. "Pita ku situdiyo ija ya pafupi ndi malo ogulitsira mankhwala."

Sindinasangalale ndipo sindinachite mantha. Ndinangotseka shopu n'kupita.

2

Mwini situdiyo anali mayi wonenepa bwino, wa magalasi olendewera pachingwe, wotafuna chingamu ngati amulemba ntchito. Anayamba wapendeketsa fulemu cha kuwindo.

"Ndikuona ngati pepala lamatirira ku galasi," anatero. "Likamata sitikoka, nkhope zimatsalira pagalasipo. Lanuli lili bwino."

Anatulutsa chithunzicho atachigwira m'mbalimbali, anachipemerera fumbi ndi kampira, n'kuchigoneka pa makina okopera zithunzi. Kuwala kunayenda pang'onopang'ono, ndipo amayi anatulukira pa kompyuta, aakulu kuposa mmene ndinawaonera chimwalirireni. Ndinadikira kuti mtima uchite kanthu. Sunachite.

"Chanu ndi ichi, ndathana nacho," anatero akundibwezera pepala lija. "Ine sindikhudza choyambirira. Ngakhale mu kompyutamu ndasunga chimodzi chosakhudza, ntchito ndigwirira pa chinzake. Nanga tikuthamangitsa ndani?"

Ndinaloza.

"Bambo a wotchiwa? Analakwa chiyani?"

"Anapita."

"Onse amene ndimawachotsa muno anapita. Sanabwerepo munthu kudzachotsetsa amene anamugulira filiji. Nanga mtsikanayu atsale?"

"Atsale. Ndi mng'ono wanga."

Anakulitsa chithunzicho n'kusiya kutafuna.

"Mayi, ndikuuzeni zoona musanandide. Anthu amaganiza kuti ndikamuchotsa munthu, kumbuyo kwake ndipeza khoma likundidikira. Kulibe kanthu. Kamera sinaone kumeneko. Chilichonse chimene thupi lake labisa ndiyenera kuchipanga."

"Ndinamva kuti masiku ano kompyuta imapanga yokha."

"Imapanga. Taonani."

Anazunguliza mzere mwamuna uja n'kudina. Anasowadi. Koma mashelefu a kabati anapindika ngati asungunuka, pakati pa mbale panamera chinthu chonga mphika wa maluwa chimene sichinakhalepo m'nyumba mwathu, ndipo amayi anapatsidwa mkono wautali wa zala zinayi.

"Imangoganizira," anatero. "Siwadziwa amayi anu. Pa udzu kapena pa khoma loyera imathandiza, koma apa pafunika manja."

Anabweza, mwamuna uja n'kubwerera pamalo pake akumwetulira. Anandifotokozera kuti adzatola matabwa ndi mbale za kabati pamene zikuoneka bwino n'kuzipachika pamene pali dzenje, kachidutswa kachidutswa, mizere ya mashelefu ikumane.

"Ndiye chigamba," ndinatero.

"Eya, chigamba. Tili ntchito imodzi. Koma vuto lanu si kabati. Vuto ndi ili."

Analoza m'chiuno mwa amayi, mbali yanga. Panali zala zinayi za mwamuna zitamira mu nsalu ya buluu. Mkono wake unadutsa kumsana kwawo, ndipo chifuwa chake chinabisa phewa lawo lamanzere ndi mkono wofooka uja.

"Diresi imeneyi ilipo?"

"Ilipo."

"Mubwere nayo. Ndipo ngati muli ndi chidole choyezera zovala, chibwerenso."

3

Ndinabwera nazo zonse, chidole ndili nacho kukhwapa, anthu mumsewu akundiyang'ana ngati ndaba munthu wopanda mutu. Mayi uja anachiveka diresi, anaika nyale mbali imene kuwala kunachokera pa chithunzi chakale, n'kujambula phewa ndi mkono wa diresi. Kenako anazidula mu kompyuta n'kuziika pa amayi. Anazimitsako mtundu, popeza diresi ya pa chithunzi inali itasuluka ndi pepala lomwe, n'kuwazapo timadontho kuti chigamba chatsopano chisasalale kuposa zinzake. Dzanja la amayi lamanzere analibwereka ku lamanja, analitembenuza. Zala za mwamuna uja anazikwirira ndi mapindo a nsalu.

Ndinakhala pambali pake ndikuona munthu amene ndinagona naye chipinda chimodzi zaka zambiri akutha ngati sopo. Mutu unapita, kenako taye, kenako nsapato. Ndinkangoganiza za diresi ya kasitomala imene ndinali ndisanaike zipi.

"Tsopano taonani chimene ndimaopa," anatero.

Amayi anali atapendekeka. Thupi lawo lonse linatsamira kumanzere, pa mphepo. Aliyense woona akanatambasula manja kuti awawakhe.

"Bambowa sanangoima pafupi. Anawanyamula. Njira zilipo ziwiri. Yosavuta ndi kusuntha mng'ono wanuyu ndi mwanayu abwere kuno, dzenje litsekeke, amayi aoneke ngati atsamira mwana wawo."

"Ayi."

"Zimakhala bwino kwambiri, ndipo..."

"Ndati ayi. Asawakhudze."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndiye ndiwawongola. Ndiwadula, ndiwazunguze pang'ono, mapazi akhale pomwe ali. Koma mudziwe kuti tsiku limenelo sanaime choncho."

"Awongoleni."

Anawawongola. Amayi anaima njo, okha, ngati sanadwalepo. Zoti mwamuna uja ndi amene ankawanyamula kupita nawo kubafa ndi kuchipatala, ine msana utakana, ndinazikumbukira bwinobwino. Ndinangozikumbukira basi, ngati mmene munthu amakumbukirira nambala ya nsapato.

"Mwanayu bwanji?" anafunsa. "Mukandipatsa chithunzi chake china cha msinkhu womwewu, ndimuika nkhope yoyang'ana kutsogolo."

"Musiyeni. Ndi Kadzidzi ameneyo."

4

Tsiku lokatenga ndinamupeza asanasindikize.

"Kwatsala kusesa," anatero. "Ophunzira kumene amachotsa munthu n'kuiwala mthunzi wake. Umapeza pansi pali mthunzi wa miyendo, mwini wake kulibe. Wapansi ndachotsa kale. Kwatsala magalasi. Kabati iyi chitseko chake chinali chotsekuka?"

"Sichinkatsekeka. Chinkangolendewera choncho."

"Ndiye chapendekeka, chikuonetsa misana yanu. Papepala pakungooneka mdima, koma ndikapanda kuyang'ana, bambo aja atsalira mmenemo."

Anapita kumapeto kwa chithunzi, pamwamba pa mutu wa Kadzidzi, pa kagalasi kakuda kosaposa chala changa chachikulu. Anakakulitsa, n'kukoka kamzere kowalitsa malo amdima. Mdima uja unayamba kuyera. Munatuluka msana wa jekete, kenako bulauzi yachikasu ya mng'ono wanga. Sizinkaoneka bwino, zinali ngati ukuyang'ana m'madzi a sopo. Koma wotchi inkanyezimira, ndipo pansi pa wotchiyo panali dzanja lamanzere la mwamuna uja. Silinali m'thumba monga ndinkaganizira zaka zonsezi. Linali kumbuyo, zala zake zitalukana ndi za mng'ono wanga.

Mayi uja anachotsa dzanja pa kompyuta.

"Pepala lili ndi malire ake," anatero motsitsa mawu. "Sindingakulitse kuposa apa. Mwina anangomugwira kuti..."

"Musavutike. Ndi mkazi wake tsopano."

Apa ndiye pamene ndinakubisirani, owerenga. Mkazi amene mwamuna wanga anapita naye ndi mng'ono wanga, wobadwa naye mimba imodzi, amene ndinamusokera yunifolomu yake yoyamba. Amayi atamwalira ndinamutenga kuti azikhala nafe. Tsiku limene anandiuza, onse awiri analumbira kuti zinayamba maliro atapita, kuti chisoni ndi chimene chinawasokoneza mitu. Ndinawakhulupirira, chifukwa bodza limenelo linkandisiyira kanthu. Linkandisiyira tsiku la diresi ya buluu, tsiku limene ndinali ndi amayi, mwamuna ndi mng'ono wanga, onse enieni. N'chifukwa chake ndinati iye atsale pa chithunzi. Ndinkati pamenepo anali adakali m'bale wanga.

Tsopano ndinali kuyang'ana mwamuna mmodzi, dzanja lina atanyamula amayi anga, lina atagwira mng'ono wanga, nkhope ikumwetulira kamera.

"Mukufuna madzi?"

"Ayi. Fufutani galasilo."

"Nanga mtsikanayu?"

Ndinaganiza. Akachoka iyenso, patsala dzenje la anthu awiri, ndi mwana ali yekha kumapeto ngati wosochera.

"Msiyeni. Ndatopa ndi zigamba."

Anatola mdima wa galasi lina n'kuphimba. Anasindikiza pa pepala lolimba, ndipo kunena zoona ntchito yake inali yaukhondo. Ngakhale ine wodziwa misoko sindinaone polumikiza.

"Chosakhudza chija ndikuikireni pa foni?"

"Chifufuteni. Ndi zonse zimene muli bamboyo."

"Mayi, taganizani kaye. Chatsopanochi ndingakusindikizireni kangati konse. Koma ndikafufuta chija, pepala muli naloli likhala lokhalo padziko. Likapita lapita. Ena amabwera pakapita zaka, akulira, kuti ndiwabwezere munthu. Ine sindibweza munthu amene ndilibe."

"Fufutani ndikuona."

Anafufuta, n'kukhuthulanso kabini ka zinyalala ka mu kompyuta ndikuona.

5

Chatsopano ndinachiika mu fulemu yakale ija n'kuchipachika pabalaza. Chakale ndinapita nacho kuseri kwa nyumba pamodzi ndi beseni ndi machesi. Dzuwa linali likuswa mtengo. Sindinakwiye. Ndinkangofuna kumaliza, monga mmene umadulira ulusi wotsalira chovala chisanapite kwa mwini wake.

Ndili pafupi kukhwatcha machesi, ndinamva Kadzidzi akulowa kuchokera kusukulu. Chikwama chinagwa pampando. Anatulukira pakhomo la kuseri.

"Amayi, agogo ali pa chithunzi chapakhoma aja ndi a ndani?"

"Ndi agogo ako."

"Agogo anga dzanja ili linali lopinda. Aja ali ndi manja awiri akumanja." Anaona beseni. "Mukutani?"

"Ndikutaya zinyalala."

"Ndipatseni."

"Ukufuna nkhope ya bambo ako? Ukaipeza kwawo, ili ndi mwini wake."

"Sindikufuna nkhope yawo."

Anatola chithunzicho m'beseni. Sanayang'ane bambo ake, sanayang'ane agogo ake. Chala chake chinapita molunjika pa kagalasi kakuda kaja.

"Mwaona, eti? Ku situdiyoko akuonetsani?"

Machesi anali adakali m'dzanja langa.

"Iwe ukudziwa chiyani?"

"Mumayesa ndinkayang'ana chiyani, amayi? Zaka zonsezi mukunditcha Kadzidzi, palibe anandifunsapo."

Analankhula mosakweza mawu, ngati akuwerenga za pa bolodi. Anati anaona amayi ake aang'ono akupititsa dzanja kumbuyo, n'kuyesa kuti akubisa switi. Atasuzumira anaona zala. Wojambula atapita, anakauza agogo ake.

"Anati chiyani?"

"Anandigwira pakamwa ndi dzanja labwino lija. Anati maso anga ndi aang'ono, aona molakwika. Anati ndikakuuzani mudwala, ndiye adzawanyamula ndani."

Ndiye kuti amayi ankadziwa. Ndinafufuza mumtima kuti ndiwakwiyire, koma ndinangopezamo mayi wokalamba wosatha kupita yekha kubafa, akuwerengera manja amene atsala omunyamula.

"Bambo atachoka munati zinayamba agogo atamwalira," anapitiriza. "Aliyense ankatero. Ndiye ndinkati mwina ndinalotadi. Mukapita kumsika ndinkatsegula dirowa, n'kuunika ndi tochi ya foni pagalasipa. Wotchi yokha ndi imene imaoneka, koma imaoneka. Ndikaiona ndinkadziwa kuti mutu wanga uli bwino."

"Bwanji sunandiuze utakula?"

"Chinali chithunzi chokhacho chimene simunawotche. Ndikanakulandani."

Anachibweza m'beseni yekha, n'kupukuta manja pa siketi.

"Wotchani ngati mukufuna, ndi chanu. Koma pakhoma paja ndikuyang'ana kabati yopanda kanthu ngati chitsiru. Mukawotcha ichi, nditsala ndekha amene ndinaona."

Dzanzi limene ndinakhala nalo chichokereni bambo ake silinathe tsiku limenelo, ndisakunamizeni. Koma penapake pansi pa nthiti panandipweteka, ngati mwendo umene unaukhalira ukayamba kudzuka. Sizinali za mwamuna uja, kapena za mng'ono wanga. Zinali za kamwana kopanda mano akutsogolo kamene tinkakaseka patebulo alendo akabwera, iko n'kumaseka nafe.

Ndinabweza kamtengo ka machesi m'bokosi.

6

Chatsopano chija chidakali pakhoma. Makasitomala akafika kunyumba amati amayi anga anali mayi wamphamvu, woima mowongoka, ndipo ine ndimavomera. Ndi chithunzi cha alendo. Ndikachiyang'ana ndimaona phewa la chidole changa ndi dzanja lobwereka.

Chakale ndinachiika mu envelopu yolimba, pakati pa makatoni awiri kuti chisapindike, n'kumupatsa Kadzidzi. Ndinamuuza kuti asachiike padzuwa kapena ponyowa, ndipo akafuna akachikopetsenso ku situdiyo, chisakhalenso chimodzi. Bambo ake sindinawakhululukire. Mng'ono wanga sindilankhula naye, ndipo sindinamuimbire kumuuza zimene ndinaona. Angandiuze chiyani chimene galasi silinanene?

Inu amene muli ndi chithunzi chozondoka m'dirowa, sindikuletsani kupita nacho ku situdiyo. Pitani, khoma ndi lanu, ndipo palibe lamulo loti muzidya mukuyang'anizana ndi munthu amene anakupwetekani. Koma choyambiriracho musafulumire nacho machesi. Simunajambulidwe nokha. Funsani kaye ena amene alipo, makamaka amene simunawafunsepo kanthu.

Sabata yatha ndinamupeza mwana wanga atakhala pabedi, envelopu ili pamiyendo. Ndinakhala pambali pake, tinayang'ana limodzi agogo ake atapendekeka, atatsamira munthu amene anatsamira.

"Kadzidzi," ndinayamba, kenako ndinadzigwira pakamwa. "Kapena dzinali ndilisiye?"

Anaganiza kaye.

"Lisiyeni likhale," anatero. "Bola tsopano mukudziwa kuti ndinkaona."